Kadandaulidwe kwa alandilodi aneba akakusowetsani tulo ndi phokoso

M'nyumba za lendi zogundizana, zimene zadzaza ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe ndi Machinjiri, madandaulo ambiri a phokoso amathera m'malere. Munthu amapirira miyezi, kenako tsiku lina mtima ukadzadza amakumana ndi alandilodi pageti n'kungoti, "Aneba aja atitopetsa nalo phokoso." Alandilodi amayankha kuti ndamva, ndiwalankhula, ndipo nkhani imathera pomwepo. Alandilodiwo sanamve kuti phokosolo ndi lanji, limayamba nthawi yanji, ndiponso kuti inu mukufuna iwo achitepo chiyani. Kumbukirani kuti aneba anuwo nawonso amalipira lendi. Mwini nyumba sangadane ndi munthu amene amamupatsa ndalama mwezi ndi mwezi chifukwa cha mawu a pageti. Dandaulo limene limagwira ntchito ndi lija lofika ndi masiku ake, maola ake ndi pempho loti munthu akhoza kulichita mawa lomwe.

Nditenga chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mukuchita lendi ku Chilomoni, pa ploti ya makomo atatu a mdadada, onse a landilodi mmodzi amene amakhala kwina. Khomo lapakati ndi lanu. Kuchipinda kwanu kumagundizana ndi pabalaza pa mnyamata amene anagula sabufa, ndipo akaweruka amatsegula nyimbo kuyambira cha m'ma 9 koloko usiku mpaka kupitirira pakati pa usiku. Inu mumadzuka 5 koloko kuti mukapeze minibasi ya ku Limbe, ndipo muli ndi mwana amene akukonzekera mayeso a Sitandade 8.

Yambani ndi kudziwa kumene phokosolo likudzera

Anthu ambiri amadumpha gawo ili, komatu ndi limene limakuuzani zoti mukapemphe. Usiku wina nyimbo zikuimba, imani kuchipinda n'kuyang'ana kumwamba. M'nyumba zambiri za mdadada khoma logawa makomo limalekera m'njira, silifika kumalata. Ngati mulibe siling'i, mpata umenewo mumauona ndi maso, mwinanso kuwala kwa getsi la aneba kumaonekera pomwepo. Ngati siling'i ilipo, mpatawo umabisika pamwamba pake, koma mawu amadutsabe chifukwa siling'i ndi yopyapyala. Chizindikiro chake n'chakuti mumamva mawu a anthu bwinobwino, ngakhale akulankhula mwachizolowezi: foni ikalira mumaidziwa, supuni ikagwa mumaimva. Zikatero, theka la mlandu ndi la nyumbayo, ndipo wokonza nyumba ndi landilodi.

Kenako ikani chikhatho pakhoma. Ngati mawu a nyimbo sakumveka bwino koma khoma likunjenjemera, magalasi a zenera akuchita phokoso, ndipo mukagona kugunda kuja mukukumva m'chifuwa, limenelo ndi besi. Besi imayenda m'njerwa ndi m'simenti yapansi. Makatani okhuthala sailetsa, ndipo matileyi a mazira amene ena amamata kukhoma ndi kutaya nthawi chabe, chifukwa amangochepetsako kubwerera kwa mawu m'chipinda momwemo, osati kuwatchinga. Chothandiza chimakhala kumbali ya aneba: sabufa ichoke pakona ndi pakhoma logawana, ikhale pa chinthu chofewa osati pasimenti penipeni, ndipo kabatani ka besi katsitsidwe. Nthawi zambiri mwini sabufa sadziwa n'komwe kuti kwa inu ikumveka choncho, chifukwa kwa iye nyimbo ikungomveka bwino.

Pa chitsanzo chathu tinene kuti mwapeza zonse ziwiri: khoma lalekera pafupifupi mizere itatu ya njerwa kuti lifike kumalata, ndipo sabufa yatsamira khoma la kuchipinda kwanu.

Lankhulani kaye ndi aneba

Funso loyamba limene alandilodi adzakufunseni ndi lakuti, "Nanga eniakewo munawauza?" Mukayankha kuti ayi, mwayamba kale kuoneka ngati wokonda kuneneza anzanu. Choncho pitani, koma masana, osati usiku nyimbo zili mkati inu mutakwiya. Lamulungu masana ndi nthawi yabwino, munthu ali phee pakhonde. Mupatseni moni mwaulemu, mucheze pang'ono, kenako munene nkhani yanu mosazungulira:

"Achimwene, ndabwera ndi kapempho. Kuchipinda kwathu n'kuseri kwa khoma limene pali sabufa yanu, ndiye usiku imamveka kwambiri moti mwana akulephera kuwerenga, ifenso tulo sitikutiona. Mungatithandize kumatsitsa ikakwana 10 koloko? Mwinanso mutaisuntha kuchoka pakhomapo zikhoza kusintha."

Ngati mukumvana, mupempheni atsegule nyimbo monga amachitira masiku onse, kenako alowe kwanu adzamve yekha. Anthu ena nkhani imathera pomwepa, chifukwa akaima m'chipinda chanu n'kumva zenera likunjenjemera amachita manyazi. Musatchule zoti mukanena kwa alandilodi, chifukwa mawu amenewo amamveka ngati kuopseza. Mukabwerera m'nyumba lembani tsiku limene mwalankhulana ndi zimene wayankha.

Pali nthawi imene simuyenera kupita nokha. Ngati munthuyo amakhala ataledzera nthawi zambiri, ngati anakulalatiranipo kale, kapena ngati ndinu mayi wokhala nokha ndipo mtima sukukupatsani, tengani mnzanu wa pa ploti pomwepo kapena pitani kwa alandilodi mwachindunji, n'kuwauza chifukwa chimene simunapitire.

Lembani m'kope kwa masabata awiri

Ili ndi gawo lotopetsa, koma dandaulo lanu lonse latsamira pamenepa. Tengani kope la sukulu mulisiye pafupi ndi bedi. Usiku uliwonse lembani tsiku, nthawi imene phokoso layamba, nthawi imene latha, mtundu wake, ndi zimene lakulepheretsani kuchita. Mizere yake izioneka motere:

Lachisanu pa 9 Meyi: nyimbo kuyambira 9:20 usiku mpaka 1:10 m'bandakucha, zenera likunjenjemera, mwana wadzuka kawiri.
Loweruka pa 10 Meyi: kuyambira 8:45 mpaka 2:00, kunali alendo, kufuula ndi kukoka mipando.
Lamulungu pa 11 Meyi: kunali zii.

Mzere wachitatuwo musausiye. Lembaninso masiku amene kunalibe phokoso, ngakhale amene kunali zii chifukwa magetsi anazima. Kope lonena kuti phokoso linalipo masiku onse 14 silikhulupirika, ndipo aneba akangokumbutsa kuti Lamulungu lija anali kumudzi, zonse zimene mwalemba zimakayikitsa. Kope lonena kuti pa masiku 14, masiku 10 phokoso linapitirira 11 koloko usiku, ndi lovuta kulitsutsa. Limakuthandizaninso inu kuona bwino vuto lanu. Mwina mupeza kuti limakula Lachisanu ndi Loweruka lokha, ndipo pempho lanu lisintha.

Jambulaninso pafoni, koma dziwani malire ake. Maikolofoni ya foni siigwira bwino besi, ndiye mukhoza kujambula usiku umene simunagone n'komwe, m'mawa n'kupeza kuti pafoni pakungomveka kaphokoso kakang'ono. Alandilodi akamva kameneko adzati mukukokomeza. Njira yabwino ndi kujambula vidiyo ya mphindi imodzi muli kuchipinda kwanu, chitseko ndi zenera zili zotseka. Yambani mwaonetsa wotchi kapena kutchula tsiku ndi nthawi ndi mawu anu abwinobwino, kuti womvera ayerekeze kukula kwa mawu anu ndi kwa nyimbozo. Kenako lozetsani kamera pa chinthu chimene chikugwedezeka, kaya galasi la zenera kaya madzi a m'kapu imene mwaitsamiritsa kukhoma. Mavidiyo atatu a masiku osiyana ndi okwanira. Mapulogalamu a pafoni oyeza phokoso amapereka manambala osiyanasiyana malinga ndi foni, choncho musawadalire ngati umboni waukulu. Ndipo jambulani muli m'nyumba mwanu basi. Kusuzumira pazenera la aneba ndi foni kapena kujambula zokamba zawo zapabanja kukusandutsani inu wolakwa.

Ngati wa khomo lachitatu nayenso akuvutika, mufunseni ngati angalole kuti mumutchule m'kalata. Matenanti awiri akadandaula chinthu chimodzi, mwini nyumba amayamba kuwerengera kuti akhoza kutaya lendi ya makomo awiri posunga limodzi. Koma musamutchule asanavomere.

Onani pangano lanu ndi malisiti

Musanalembe kalata, tulutsani pepala la pangano ngati munasainirana. Mapangano ambiri olembedwa amakhala ndi mawu oletsa tenanti kusokoneza anzake kapena kugwiritsa ntchito nyumba pa zinthu zina zosakhala kugonamo. Ngati mawuwo alipo m'pangano lanu, mwachidziwikire alinso m'pangano la aneba, ndipo ndi amene amapatsa alandilodi poyambira. Ngati munangogwirizana pakamwa, monga zimakhalira m'makomboni ambiri, kumbukirani malamulo a pa ploti amene munauzidwa polowa, monga nthawi yotseka geti. Amenewonso mukhoza kuwakumbutsa.

Onetsetsaninso kuti mulibe ngongole ya lendi, ya madzi kapena gawo lanu la mayunitsi a magetsi. Munthu wangongole akadandaula, nkhani imatembenuka nthawi yomweyo n'kukhala ya ngongoleyo. Ine ndimaona kuti nthawi yabwino yopereka dandaulo ndi pamene lendi yanu ili bwinobwino ndipo uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wotsimikizira kuti munalipira ukadali m'foni.

Dziwaninso woyenera kulandira kalatayo. Ngati mumalipira kudzera kwa ejenti, kalata ipite kwa ejentiyo, ina kwa eni nyumba ngati muli ndi njira yowafikira. Wachibale wongoyang'anira ploti nthawi zambiri alibe mphamvu yolamula kuti khoma likwezedwe. Ngati nyumba ndi ya Malawi Housing Corporation ndipo pangano lili m'dzina lanu, kalata ipite ku ofesi yawo, mukhale ndi kope lodindidwa kuti alandira.

Kalatayo

Ikhale ya tsamba limodzi. Mukhoza kulemba pamanja, bola zilembo zizioneka. Musatukwane, musanene za khalidwe la aneba, za atsikana amene amabwera kwawo kapena kumene amapeza ndalama. Mukalowetsamo zimenezo, pa tsiku lokambirana anthu adzakangana za miseche m'malo mwa phokoso. Nayi kalata ya chitsanzo chathu:

19 Meyi

Okondeka Bambo,

DANDAULO LA PHOKOSO LA USIKU KUCHOKERA KHOMO LOYAMBA

Ndine tenanti wanu wa khomo lachiwiri pa ploti yanu ya ku Chilomoni. Ndakulemberani kuti mutithandize pa vuto la nyimbo zokweza zimene zimachokera khomo loyamba usiku.

Lamulungu pa 4 Meyi ndinakambirana ndi aneba anga mwaulemu ndipo anavomera kuti azitsitsa, koma patapita masiku awiri zinayambiranso. Kuyambira pa 5 mpaka pa 18 Meyi ndakhala ndikulemba, ndipo pa masiku 14 amenewa, masiku 10 nyimbo zinapitirira 11 koloko usiku. Loweruka pa 10 Meyi zinatha 2 koloko m'bandakucha. Ine ndimadzuka 5 koloko kupita kuntchito, ndipo mwana wanga akukonzekera mayeso. Ndaphatikiza tsamba la masikuwa, ndipo mavidiyo ndili nawo ngati mungafune kuwaona.

Ndaonanso kuti khoma logawa makomo athu silinafike kumalata, ndiye mawu amangodutsa pamwamba.

Pempho langa lili patatu. Choyamba, muwauze aneba kuti kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa nyimbo zisamamveke kunja kwa khomo lawo. Chachiwiri, sabufa ichoke pakhoma la kuchipinda kwanga. Chachitatu, mubwere ndi mmisiri adzaone mpata wa pamwamba pa khoma kuti utsekedwe. Ndingathokoze mutandiyankha pofika Loweruka pa 31 Meyi. Ndine wokonzeka kukhala pansi tonse atatu tsiku limene mungasankhe.

Nyumbayi ndimaikonda ndipo ndikufuna kupitiriza kukhalamo mwamtendere ndi anzanga.

Ine tenanti wanu,
dzina, siginecha ndi nambala ya foni

Onani kuti kalatayi sinapemphe kuti aneba achotsedwe. Pempho limenelo ndi lolemera kwambiri poyambira, ndipo mwini nyumba akalimva amangouma thupi, chifukwa kwa iye ndiye kuti khomo likhala lopanda munthu mwezi wathunthu kapena kupitirira. Zinthu zitatu zimene zapemphedwazo, ziwiri sizifuna ndalama, ndipo chachitatu ndi ntchito yaing'ono ya njerwa, simenti ndi mmisiri. Onaninso kuti ola latchulidwa. "Azichepetsa phokoso" aliyense amamva mwa njira yake, pamene "10 koloko" aliyense akhoza kuyang'ana pawotchi.

Kalata kwa munthu wamkulu imatha kumveka ngati mwamusumira, makamaka ngati mwakhala mukugwirizana pakamwa zaka zonsezi. Choncho musangoitumiza ndi mwana. Imbani foni kapena pitani nokha, mufotokoze nkhaniyo pakamwa, kenako munene kuti, "Bambo, ndalemba pakapepala kuti masikuwa ndisawasokoneze, mukaone mukapeza mpata." Lembani makope awiri, limodzi lanu. Madzulo ake jambulani kalatayo n'kuitumizanso pa WhatsApp ndi mawu othokoza kuti akulandirani. Mukatero tsiku limene munapereka dandaulo lasungika popanda kuuza munthu wamkulu kuti asaine.

Tsiku lokhala pansi

Alandilodi ambiri amakonda kuitana onse awiri. Pitani ndi kope lanu la masiku a phokoso lija, ndipo mulole aneba alankhule mpaka amalize. Yembekezerani kuti nawonso adzatulutsa zawo: mwana wanu amalira usiku, mumayamba kutsuka mapoto 5 koloko, wailesi yanu ya m'mawa imawadzutsa. Zina mwa izo zikhoza kukhala zoona, pakuti khoma lomwe limadutsitsa nyimbo zawo limadutsitsanso zanu. Vomerani zimene mungathe kusintha. Kulira kwa mwana ndi phokoso la moyo wa tsiku ndi tsiku limene munthu sangalizimitse, pamene sabufa ili ndi batani, ndipo mfundo imeneyi muinene modekha.

Khalani okonzeka kusiyako pang'ono. Ngati mnyamatayo akuti Loweruka amalandira anzake, mukhoza kugwirizana kuti Loweruka malire akhale 11 koloko, masiku ena 10 koloko. Ngati pali nthawi, sunthani sabufa tsiku lomwelo onse akuona, muitsegule, alandilodi alowe kuchipinda kwanu amve kusiyana kwake. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale mu uthenga wa pafoni umene alandilodi atumize kwa nonse, ndipo ngati n'kotheka likhale lamulo la ploti yonse kuti aneba asaone ngati asankhidwa okha. Pa za khoma, funsani kuti mmisiri abwera liti. Njerwa zikwere mpaka kugunda malata ndipo mipata ya m'mizere ya malata itsekedwe ndi matope a simenti, chifukwa kampata kakang'ono kamadutsitsa mawu ambiri. Mukafuna kulipira nokha mmisiri kuti mudzachotsere pa lendi, alandilodi avomere kaye molemba ndi kutchula ndalama zake. Mukangomanga musanauzidwe, ndalamazo zikhoza kupita, mwinanso n'kuimbidwa mlandu wosintha nyumba ya eni.

Zikapanda kusintha

Pitirizani kulemba m'kope. Pakatha masabata ena awiri zinthu zili chimodzimodzi, lembani kalata yachiwiri, yaifupi, yotchula tsiku la kalata yoyamba, zimene munagwirizana ndi masiku amene panganolo laswedwa. Apa tsopano mukhoza kupempha kuti aneba apatsidwe chenjezo lolembedwa, ndipo ngati sakumva, notisi. Mukhozanso kufunsa ngati pali khomo lina la alandilodi omwewo limene mungasamukire.

Chimene ndikukupemphani kuti musachite ndi kusiya kulipira lendi pofuna kuwakakamiza. Zimaoneka ngati chilungamo, koma amene waswa pangano poyera amakhala inu, ndipo notisi imene mumafunira aneba imabwera pakhomo panu. Musabwezerenso potsegula wailesi yanu mokweza, kumenya khoma kapena kuthimitsa magetsi a mnzanu pa mita yogawana. Ndipo alandilodi akapsa mtima n'kunena kuti akazula chitseko cha aneba kapena kuwatulutsira katundu panja, musawalimbikitse. Kutulutsa munthu wokana kuchoka ndi nkhani ya khoti, ndipo njira yachidule imene achitira mnzanu lero adzakuchitirani inunso.

Mphamvu za landilodi zili ndi malire. Ngati phokoso likuchokera pa ploti ya munthu wina, kapena khomo loyandikana lasanduka shabini, malo a mapemphero a usiku wonse okhala ndi zokuzira mawu, kapena kogwirira ntchito zowotcherera zitsulo, nkhani imafunika anthu ena. Yambani ndi amfumu kapena abuloko lida a dera lanu, amene amatha kuitana mbali zonse. Za malonda ochitikira m'nyumba zogona anthu ndi za ziphaso zogulitsira mowa zimayang'aniridwa ndi khonsolo ya mzinda wa Blantyre, imene likulu lake lili ku Chichiri, ndipo kumeneko kope lanu lija ndi makalata anu zimagwiranso ntchito. Phokoso la pakati pa usiku lophatikizana ndi ndewu kapena kuopsezana ndi la apolisi usiku womwewo. Ndipo ngati chimene mukumva kuseri kwa khoma ndi mayi kapena mwana akumenyedwa, imeneyo si nkhani yodikira masabata awiri a kope: dzutsani anzanu a pa ploti ndi achitetezo a m'dera, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Mukaona kuti alandilodi asankha kusunga aneba aphokosowo, perekani notisi yanu molemba motsatira pangano. Pa lendi ya mwezi ndi mwezi, chizolowezi ndi notisi ya mwezi umodzi. Tchulani chifukwa chosamukira ndi masiku a makalata anu awiri aja, jambulani zipinda zonse tsiku lotuluka, lembani manambala a pa mita ya madzi ndi ya magetsi, ndipo mugwirizane tsiku lobwezera dipoziti musanapereke makiyi. Pokaona nyumba ina, yang'anani ngati khoma logawana lafika kumalata, ndipo mupiteko kawiri, ulendo wina ukhale Lachisanu madzulo aneba onse ali pakhomo.